Masekondi Khumi Pambuyo pa Apongozi

Mulungu pogawa mphatso anandipatsa pakamwa. Ena anawapatsa msinkhu, ena manja odziwa kukonza njinga yamoto, ine anandininkha lilime losatopa ndi mawu omveka mpaka kumbuyo kwa tchalitchi ngakhale magetsi atazima. Maukwati ambiri a ku Chimbiya ndayendetsa ndine, ndipo sindinamvepo wina akudandaula kuti mwambo unazizira. Ndiye pamene kampani yomwe ndimagwirako ntchito ya ulangizi inafuna munthu wowerenga mawu a Chichewa pa kanema wake, palibe amene anavutika kuganiza. Onse mu ofesi anangotembenukira kwa ine, ine n'kukonza kolala.

Kampani yathu imachulukitsa mbewu ya kachewere, kuigawa kwa alimi a kumapiri kuno, kenako n'kugula zokolola zawo. Chaka chimenecho akuluakulu a ku Lilongwe anajambulitsa kanema wofotokoza ntchito zathu. Wachingerezi anali atatha kale ndipo anali atamuonetsa kwa eni kampani. Tsopano ankafuna yemweyo m'Chichewa, kuti akamuonetse pa msonkhano waukulu wa alimi mu holo ya parishi ku Kaphuka. Zithunzi, nyimbo ndi kutalika kwake zinayenera kukhala zomwezo, chifukwa akuluakulu anali atavomereza kale ndipo sankafuna kuti wina azigwiragwirenso. Chosintha chinali mawu okha.

Wodzajambula mawuwo anali mayi wina, mkonzi wa makanema, yemwe anabwera ndi minibasi yam'mawa atanyamula chikwama chimodzi kumsana. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, kwawo kwenikweni ku Mayani ngakhale anakulira m'tauni. Ndinkayembekezera galimoto yodzaza ndi zipangizo, choncho nditaona kachikwamako ndinakhumudwa pang'ono. Mu ofesi yathu anangoomba m'manja kamodzi, n'kumvetsera, n'kupukusa mutu. Anati chipindacho chimabweza mawu, komanso malole a pamsewu waukulu akumveka kwambiri. Anazungulira depoti yonse mpaka anakalowa m'chipinda chosungira mbewu, pakati pa matumba osanjikizana mpaka kudenga, naombanso m'manja.

"Muno ndiye muli bwino, achimwene," anatero. "Matumbawa akumeza phokoso. Bweretsani mipando iwiri."

Unali mwezi wa June, kuzizira kwa Dedza kuja kolowa mpaka m'mafupa. Ndinakhala pampando nditavala jekete, fungo la dothi ndi kachewere lili m'mphuno, maikolofoni ili pafupi ndi chibwano. Ndinatenga pepala, n'kutsokomola ngati wansembe, n'kuyamba kuwerenga mwa mphamvu zanga zonse. Anandisiya mpaka ndinamaliza ndime yoyamba, maso ake ali pa laputopu, chala chikugogoda pa bondo.

"Mawu muli nawo," anatero. "Koma sindimajambula ayi, ndimakuyezani."

Anandifotokozera zomwe sindinaziganizirepo pa zaka zonse ndakhala ndikulankhula pagulu. Pa ukwati nthawi ndi yanga, ndikafuna kutalikitsa nthabwala mkwati amadikira. Pa kanema nthawi ndi ya chithunzi. Chithunzi cha mayi akupalira chikakhala masekondi asanu ndi limodzi, mawu onena za kupalira ayenera kuyamba chithunzicho chitaoneka ndi kutha chisanachoke. Ukachedwa, umapezeka ukunena za kupalira pomwe anthu akuona lole. Anati anzake owerenga Chingerezi amawerengera mawu, amadziwa kuti pa sekondi pamalowa mawu awiri ndi kachidutswa. Koma Chichewa sichilola zimenezo, chifukwa liwu limodzi ngati "tikamawalimbikitsa" lanyamula katundu yemwe m'Chingerezi amagawana mawu anayi kapena asanu. Iye amawerenga maphatikizo, aja tinkaombera m'manja ku sukulu ya pulayimale. Ine anandipeza kuti ndikamalankhula momasuka ndimatulutsa maphatikizo asanu pa sekondi, ndipo anati tigwira ntchito ndi mlingo umenewo.

Kenako anatenga pensulo n'kuyamba kudula mapepala anga. Amene anamasulira mawuwo ku Lilongwe anagwira ntchito yake mokhulupirika, sanasiye kanthu, ndipo vuto linali lomwelo, chifukwa chiganizo chilichonse chinatalika kuposa chithunzi chake. Mkonziyo ankawerenga maphatikizo chamumtima, milomo ikugwedera, n'kulemba nambala m'mbali. Pomwe panalembedwa kuti "monga mukuonera pano, alimi akunyamula matumba," anafufuta ponse. Anati maso a anthu si akhungu, usawauze zomwe akuona kale. Ankaikanso timizere toimirira pakati pa mawu, posonyeza popumira. Ndinamufunsa ngati kupuma nakonso amakuwerengera, iye n'kundiyang'ana ngati ndafunsa ngati mchere umalowa m'ndiwo.

Tinayenda bwino m'mawa wonse. Ndinkavala mahedifoni, iye n'kuseweretsa chithunzi, n'kukweza chala, ndipo chala chikatsika ine ndinkayamba. Ndikathamanga ankatambasula dzanja pang'onopang'ono ngati akukoka ulusi, ndikachedwa ankazunguza chala. Sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Lole ikamadutsa tinkaima, ndipo nthawi ina tinadikira kuti kuitanira mapemphero ku mzikiti kuthe. Ine amene ndimadziona ngati katswiri ndinapezeka ndikumvera chala cha munthu ngati mwana wa kwaya, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndinkasangalala nazo.

Ndiye tinafika pa tsamba lachitatu. Chithunzi chinasintha, ndipo pa laputopu panaoneka mayi wachikulire ataima m'munda mwake, duku lobiriwira kumutu, khasu m'manja. Anayamba kulankhula, koma atangotchula mawu awiri atatu, mawu awo anatsitsidwa mpaka kumangomveka ngati munthu wolankhulira kuseri kwa khoma. Chala cha mkonzi chinatsika. Ine ndinatsegula pakamwa, n'kuwerenga mzere umodzi, n'kuima. Milomo ya mayiwo inali ikuyendabe pa chithunzi, ndipo mawu okhawo omveka bwino m'makutu mwanga anali anga.

"Bwanji, mwataya mzere?" anafunsa mkonzi.

"Achemwali," ndinatero, "awo ndi apongozi anga."

Ndinkadziwa kuti anawajambula. Mkazi wanga anali atandiuza kuti anthu a makamera anafika kumudzi ku Kaphuka ndipo anasankha amayi ake chifukwa munda wawo unali wooneka bwino. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mu kanema wachingerezi uja anangowalola kuyamba, kenako wowerenga n'kukwera pamwamba pawo ndi ndime ya kampani. Kwa azungu ndi mabwana a m'tauni zimenezo n'zabwinobwino, amatero ndithu pa makanema otere. Koma uyu ankapita ku Kaphuka, mu holo momwe mwini wake adzakhale pa benchi, abale ake atamuzungulira, ndipo wokwera pamwamba pa mawu awo adzakhala mkamwini wawo.

Mwina wina wa m'tauni sangamvetse. Ine ndi apongozi anga aakazi sitinadyerepo m'chipinda chimodzi. Tikakumana panjira ndimapatuka, n'kunjuta, n'kupereka moni maso ali pansi. Nkhani ikakhalapo imadutsira mwa mkazi wanga, ngakhale tonse titakhala pabwalo limodzi. Ambiri masiku ano analeka zimenezi, koma pakhomo pawo mwambo ulipobe, ndipo ine ndinausunga kuyambira tsiku lomwe ndinakafunsira mbeta. Iwo ndi munthu wolankhula pang'onopang'ono, amatafuna liwu lililonse asanalitulutse, ndipo anthu a pakamwa ngati ine amatiyang'ana mokayikira. Ulemu umene ndinausonkhanitsa pakhomo paja unali wochita kutolera kamodzikamodzi. Tsopano ndinkayenera kuwadula mawu pamaso pa mudzi wonse, kudzera pa zimkuzamawu, ndipo kanemayo akanayenda m'mafoni mpaka kalekale. Ndinachita mantha enieni.

Ndinkayembekezera kuti mkonziyo aseka, kapena anena kuti ntchito ndi ntchito. Iye anavula mahedifoni, n'kuwaika pa thumba la mbewu.

"Ngakhale akanakhala kuti si apongozi anu," anatero, "apa pali cholakwika. Akulankhula Chichewa, omvera ndi Achewa, ndiye tikuwatsekeranji pakamwa? Tiyeni timve zomwe ananena."

Anakweza mawu awo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva bwinobwino. Anati: "Kale tinkabzala timakachewere totsala m'dengu, matenda n'kumabwerera m'munda. Khasu ndi lathu, thukuta ndi lathu, koma mbewu ikakhala yodwala, walimira mphepo." Ine ndakhala ndikuphunzitsa alimi zimenezi kwa zaka, ndi mapepala ndi zithunzi, koma sindinazinenepo mwachidule chotero.

Vuto linali la masamu, ndipo mkonziyo anandionetsa pa laputopu. Apongozi ankaoneka kwa masekondi khumi ndi asanu. Kenako pankabwera chithunzi cha anyamata akukweza matumba mu lole, masekondi khumi. Chikangotha chimenecho ankaoneka abwana athu a nthambi ya Dedza akulankhula okha pa kamera, ndipo pamenepo panali khoma, mawu anga sakanadutsa. Ndime yomwe ndinayenera kuwerenga inali iyi: "Kampani yathu ikugwira ntchito limodzi ndi alimi ang'onoang'ono pofuna kupititsa patsogolo ulimi wa kachewere kudzera mu mbewu zamakono, upangiri wabwino ndi misika yodalirika, zomwe zikusintha miyoyo ya mabanja ambiri m'madera akumidzi." Pa liwiro langa inkadya masekondi pafupifupi makumi awiri. Inkakwana pokhapokha nditayambira pamwamba pa apongozi. Ndikawasiya amalize, ndinkatsala ndi khumi a lole aja basi.

"Musadandaule," ndinatero ine, kudzitama kutabwerera. "Ndithamanga. Simunandione pa perekaniperekani."

Anandilola kuyesa, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna ndidzimvere ndekha. Ndinakoka mpweya n'kuliyatsa liwiro. Ulendo wachitatu ndinafika pa masekondi khumi ndi anayi, lilime litapindika pa "ang'onoang'ono," malovu ali pa maikolofoni. Atandibwezera kuti ndimve, ndinamveka ngati woitanira minibasi pa siteji ya Chimbiya. Ndinamufunsa ngati kompyuta singathe kufinya mawuwo. Anati ingathe, ndipo amachita zimenezo pakafunika kuchotsa kachidutswa kochepa koti khutu silingazindikire, koma kufinya makumi awiri kuti akhale khumi n'kupanga munthu kukhala chidole. Anandionetsa, ndipo tonse tinaseka mpaka misozi, koma kuseka kwanga sikunakhalitse chifukwa njira zinali zikutha.

Kenako anachita chinthu chomwe mpaka lero ndimachisimba. M'malo mofunafuna pochotsa, anatsegula zojambula zoyambirira, zija zosadulidwa, kuti amve zomwe apongozi ananena pambuyo pa pomwe kanema anawadulira. Anamvetsera ali yekha, kenako anandipatsa mahedifoni. Atatha kunena za kulimira mphepo, apongozi anawonjezera kuti, "Ine ndathera pomwepa, apitirize ena."

"Izi zilowe," anatero mkonzi.

"Zilowe pati? Malo ndi omwe akutisowawa!"

"Chithunzi sindichigwira. Mawu awo okha ndi omwe apitirire, azimveka lole itayamba kale kuoneka. Zitidyera masekondi awiri."

Ndinamuyang'ana ngati wazungulira mutu. Tinali ndi khumi osakwanira, iye n'kupatsanso apongozi awiri. Koma iye anali atayamba kale kulemba kuseri kwa pepala. Anandifunsa kuti pa msonkhano wa kumudzi, wamkulu akamaliza kulankhula n'kukupatsa bwalo, umayamba bwanji. Ndinati umayamba wathokoza. Anati basi, muyamba ndi "Zikomo amayi." Ndinati wowerenga pa kanema wa kampani sayankhana ndi anthu a m'zithunzi, ndi mawu chabe ochokera kumwamba. Iye anati ku Kaphuka kulibe amene adzamve mawu ochokera kumwamba, aliyense adzamva mkamwini wa pakhomo paja, ndiye kuli bwino mkamwiniyo akhale ndi mwambo.

Anagawa masekondi asanu ndi atatu otsalawo ngati mayi wogawa nyama yochepa pa ana ambiri. Yoyamba anati ndi ya chete, kuti mawu a apongozi akhazikike. Kenako "Zikomo amayi," sekondi imodzi ndi kachidutswa. Kenako chete winanso. Zotsala, masekondi anayi ndi kampata kopumira abwana asanayambe, ndiye zinali za kampani. Masekondi anayi kwa ine ndi maphatikizo makumi awiri, osapitirira.

Tinalimbana nayo ndime ija ngati nkhuku yoti ikwane mu kapoto. "Kupititsa patsogolo" kunapita koyamba, ndipo palibe anakulira. "Alimi ang'onoang'ono" anachoka chifukwa mlimi anali atangolankhula kumene. Ine ndinkaponya ziganizo, iye ankawerenga pa zala n'kupukusa mutu: makumi awiri ndi asanu, yachuluka, makumi awiri ndi atatu, yachulukabe. Kenako anati timvetserenso apongozi. Iwo anati khasu ndi lathu, thukuta ndi lathu. Nanga kampani yake n'chiyani? Apo m'pamene chiganizo chinabwera chokha, ndipo sindikumbuka kuti anayamba ndani: "Mbewu, malangizo ndi msika: gawo lathu ndi limenelo." Anawerenga pa zala, n'kupeza khumi ndi asanu ndi anayi. Anamwetulira mokhutira.

Chete wachiwiri uja ndinalimbana naye. Ndinati tiikepo liwu lakuti "wodalirika" pa msika paja, abwana amalikonda, ndipo malo ake ndi sekondi yomweyo yomwe tikungoitaya. Anakana. Ndinati chete woyamba ndamumvetsa, ndi ulemu, koma wachiwiriyu ndi wa chiyani? Anangoti, "Musiyeni, ali ndi mwini wake." Ndinaumirira, iye osasuntha. Munthu wamfupi uja anali ndi khosi louma kuposa langa, ndipo ndinagonja ndikung'ung'udza.

Panatsala abwana. Mawu a kanema anali ovomerezedwa ku likulu, ndipo ife tinali titadula ndime yonse. Masana anabwera m'chipinda cha mbewu chija, atavala chipewa cha ubweya, n'kukhala pa thumba. Ndi munthu wabwino, wa ku Dedza konkuno, koma amaopa Lilongwe monga tonse timaopera. Atamva kuti tasintha, nkhope inagwa.

"Mayi, ine sindingakayankhe za mawu omwe achotsedwa," anatero. "Makamaka aja a kusintha miyoyo ya mabanja. Amenewo akuluakulu amawafuna."

"Sanachotsedwe, bwana, asamuka," anayankha mkonzi. "Koyambirira kuja, pomwe kandege kakujambula mapiri, pali nyimbo yokha kwa masekondi asanu ndi awiri. Chiganizo chimenecho chakwana pamenepo, ndayeza kale. Zina zonse zili mu mawu atatu omwe taikapo: mbewu, malangizo ndi msika. Koma musandikhulupirire ine, mverani zonse ziwiri musankhe nokha."

Anawaveka mahedifoni n'kuseweretsa yoyamba, ija ine ndikukwera pamwamba pa mayi wachikulire. Ndinaona abwana akukwinya pamphumi. Anaseweretsa yachiwiri, yomwe tinali titangoijambula mongoyesa. Abwana anamvetsera mpaka pomwe nkhope yawo inaonekera, n'kuvula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Yoyambayo mayi anga atayimva angandifunse kuti ndinaleredwa kuti," anatero. "Ku Lilongwe ndiimbira ndekha."

Kujambula kwenikweni kwa mawu awiri aja kunanditengera nthawi kuposa tsamba lonse loyamba. "Zikomo amayi" woyamba anamveka ngati ndikulengeza mphatso pa ukwati. Wachiwiri anamveka ngati ndikupepesa kupolisi. Mkonzi anati ndisayang'ane pa laputopu, ndiyang'ane pansi monga ndimachitira ndikakumana nawo. Ndinatsitsa maso pa simenti, ndinamva mawu awo m'makutu akuti apitirize ena, ndinadikira chala chomwe ndinkachionera m'mbali mwa diso, n'kunena. Mawu anatuluka otsika, osakongoletsa, osafanana ndi a munthu amene anthu amamulemba ganyu ya pakamwa. Iye anati, "Ameneyo," ndipo sitinabwerezenso.

Madzulo ndinamuperekeza pa siteji. Ndinamugulira kachewere wa m'chidebe kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, iye n'kukana kuti alibe ponyamulira, kenako n'kulandira theka. Ndinamufunsa komwe anaphunzira zonsezi. Anati kusukulu anamuphunzitsa makina, koma kuwerenga maphatikizo anadziphunzitsa yekha atatopa ndi kumva Chichewa chikuthamangitsidwa pa makanema ngati mbuzi yolowa m'munda. Minibasi inabwera, anakwera, ndipo pa msonkhano wa ku Kaphuka sanabwere chifukwa anali ndi ntchito ina.

Kunyumba za apongozi ndinazibisa. Mkazi wanga anandifunsa kuti zayenda bwanji, ine n'kungoti bwino, ndipo anandiyang'ana modabwa chifukwa yankho lalifupi chotero si langa. Mumtima ndinali ndi nkhawa ina tsopano. Kuwadula mawu ndinali nditapewa, koma nanga kuwalankhula mwachindunji pagulu, ine amene nkhani zanga zimadzera mwa mwana wawo? Mwina akanaona ngati ndawatenga ngati mnzanga wosewera naye. Nkhawa imeneyi ndinayenda nayo mpaka tsiku la msonkhano.

Holo inadzaza. Mawindo anawatchinga ndi zitenje kuti chithunzi chioneke pakhoma, jenereta ikulira panja. Amayi anakhala mbali imodzi, abambo mbali ina, ena ataimirira pakhomo. Apongozi anga anakhala pa benchi yachitatu, mkazi wanga pambali pawo. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, malo abwino kwa munthu amene angafunike kuthawa.

Kanema atayamba, anthu anazindikira mawu anga nthawi yomweyo, ndipo mitu inatembenuka kundifunafuna. Ndinamva wina akuti, "Si mkamwini wa kwa uje ameneyu?" Mapiri anadutsa, minda inadutsa, aliyense akuloza munda wa mnzake. Kenako duku lobiriwira linaoneka pakhoma, lalikulu kuposa chitseko, ndipo holo yonse inati zii. Apongozi analankhula mawu awo onse, pa liwiro lawo, popanda wowasokoneza. Pa "walimira mphepo" abambo ena anavomera ndi kung'ung'udza kwa m'mmero kuja. Lole inaoneka, ndipo mawu awo anapitirira: "Ine ndathera pomwepa, apitirize ena."

Sekondi ya chete ija inandionekera yaitali ngati ulaliki wa pa Lachisanu Loyera. Kenako ndinadzimva ndekha, kuchokera m'zimkuzamawu ziwiri zazikulu: "Zikomo amayi."

Pa benchi yachitatu, apongozi anga anaweramitsa mutu pang'ono, anaomba m'manja mofunga kawiri, n'kuyankha momveka bwino, osatembenuka: "Zikomo bambo."

Atangotseka pakamwa, mawu anga anapitiriza za mbewu, malangizo ndi msika. Yankho lawo linalowa ndendende mu sekondi ija ndinkafuna kuigulitsa ndi liwu lakuti "wodalirika." Amayi a mbali ija anaseka, wina analuluta, ndipo mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje mapewa akugwedezeka. Ine zomwe abwana ananena pakhoma paja sindinazimve. Ndinatuluka panja n'kukaima pafupi ndi jenereta, pomwe phokoso linali lokwanira kuti munthu asandifunse chomwe chandilowa m'maso.

Pa zaka zonse za ukwati wanga, aka kanali koyamba kuti ine ndi apongozi anga tilankhulane pamaso pa anthu popanda wodutsiramo. Ndinatulutsa foni kuti ndimuuze mkonzi uja, ndipo atayankha ndinapezeka kuti ine, mwini pakamwa, ndikusowa poyambira. Ndinangoti, "Achemwali, ayankha."

"Anakwana?" anafunsa.

"Anakwana."